Zokamba za Loweruka ku kilabu: mimu imafa bwanji?

Tadala: Bho bho nonse. Mwina mwaona kale pa ndandanda kuti Loweruka lino ndine amene ndikuyankhula ku kilabu, mutu wake ndi woti chifukwa chani mamimu, zithunzi ndi mawu oseketsa aja timatumizirana pa foni, amasukuluka msanga komanso zotirenda zimafa bwanji. Andipatsa mphindi 40. Vuto langa ndi loti ndikudziwa kuti zimachitika, tonse timaziona, koma ndikafuna kufotokoza CHIFUKWA chake ndikungothera poti "anthu amatopa nazo" basi, ndiye mawu amenewo sangadzaze mphindi 40. Ndithandizeni chonde, makamaka achimwene a Mphatso poti inu zimenezi mumaziwerenga ku Chanco

Limbani: Yankho ndi limodzi asisi, ndi aligorizimu, makina aja osankha zoti uone. TikTok ndi Facebook amafuna uzikhalabe pa foni ndiye akaona chinthu chakhalitsa amachibisa nkukubweretsera china. Anthu sitisankha ayi, amatisankhira

Upile: Ine ndimaona ngati mukamba zoti tingapange bwanji kuti vidiyo itirende. Yanga yovina ija ndinaponya mwezi watha mpaka pano anaionera anthu 212 okha, muzakambekotu zimenezo

Tadala: Ayi Upile, iyi ndi ya imfa yake osati kubadwa 😅 koma mwina zikhudzana, dikira tione

Mphatso: Ndafika, ndinali mu kalasi. Tadala usayambe ndi za kunja, yamba ndi yathu yomwe. Mukuikumbukira "analitu asanu"?

Chisomo: Eee ndinadziwa kuti ifika pa ine

Mphatso: Pepa mng'ono wanga, ukakana sitiigwiritsa ntchito ndipo ndikunena zoona. Koma palibe chitsanzo chabwino kuposa chimenecho chifukwa tinaiona ikubadwa, tinaiona ikufa, zonse zili mugulupu mommuno

Chisomo: Kambani kaye ndimve, za chithunzi ndiyankha kenako

Che Yusufu: Ine ndinalowa mugulupu mochedwa, inali yotani imeneyo?

Tadala: Unali ulendo wathu wokwera phiri kupita ku damu la Mulunguzi. Tinakhala pansi kuti tidye, Chisomo anali ndi jumbo la mandasi waika pambali akumasula nsapato, nyani anangotsika mu mtengo fyuu watenga jumbo lonse. Wina anajambula nthawi yomweyo, Chisomo manja ali mmwamba kukamwa yasaa, kumbuyo kwake nyani ali pa nthambi jumbo lili mmanja. Ndiye mawu oyamba amene anatuluka mkamwa mwake anali oti "analitu asanu". Tinaseka mpaka ena kugona pansi. Madzulo ake wina anapanga sitika, basi sabata yonse aliyense chikamutayika amalemba zomwezo. Bandulo yatha, analitu asanu. Timu yaluza, analitu asanu

Mphatso: Ndiye dzulo nditaona mutu wako pa ndandanda ndinakhala pansi nkuwerenga. Ndinapanga `Export chat` ndikusankha yopanda zithunzi, koma ndikuchenjezeni amene mukufuna kuyesa, masitika satuluka mmenemo, pa foni yanga pamangolembedwa `<Media omitted>` ndiye sungadziwe kuti inali sitika iti. Ndinangowerenga pamene munthu walemba mawuwo ndi dzanja, zinali chonchi. Lamulungu ka 6. Lolemba ka 19. Lachiwiri ka 41. Lachitatu ka 38. Lachinayi ka 22. Lachisanu ka 9. Loweruka ka 4. Sabata yotsatira yonse ka 3 kokha, ndipo kawiri mwa katatuko ndi munthu mmodzi amene foni yake inali kwa okonza sabata yonse ija, anabwera akuseka yekha anzake atasiya kale

Limbani: Koma zoona inathamangadi

Mphatso: Ndiye taona Limbani, muno mu WhatsApp mulibe makina osankha kuti uone chani, uthenga uliwonse umafika kwa aliyense motsatana mmene watumizidwira. Palibe anaibisa. Koma inafa mu masiku asanu ndi awiri. Zomwe ukunenazo ndi zoona ku TikTok, kumeneko makina amayang'ana ngati anthu akuonera mpaka kumapeto kapena akungodumpha, akayamba kudumpha amasiya kuikankha ndiye imfa imabwera mwachangu kwambiri. Koma makinawo amatsatira kutopa kwa anthu, si amene amakuyambitsa

Limbani: Mmm theka ndavomera. Koma ine ndikuti akanapanda kutithira zatsopano mphindi iliyonse sitikanatopa msanga chonchi. Kale nthabwala imodzi imatha temu yonse ku sukulu

Mphatso: Apo ndiye uli ndi mfundo ndipo pali amene anayeza. Mu 2019 ofufuza ena a ku Ulaya anatulutsa zomwe anapeza atayang'ana Twitter, anaona kuti mu 2013 hashitagi ikalowa mu 50 zotchuka imakhalamo pafupifupi maola 17.5, pofika 2016 inali maola 11.9. Kufotokoza kwawo kunali koti zinthu zikuchuluka koma nthawi ya munthu ndi yomwe ija, ndiye chilichonse chikulandira kachidutswa kakang'ono. Ndiye mpikisano ulipodi. Koma Tadala ine ndikanakhala iwe ndikanaika zifukwa zitatu ndipo choyamba ndi chosavuta, nthabwala imakhalira kudzidzimutsa. Koyamba kuona "analitu asanu" pansi pa chithunzi cha bandulo yatha sunayembekezere, waseka. Kachisanu ukudziwa kale chomwe chikubwera usanawerenge nkomwe

Tadala: Ichi ndi chija ndimanena kuti kutopa

Mphatso: Eya koma ungathe kuchionetsa mmalo mongochinena. Uyambe ndi nthabwala imodzi yaifupi, aseke. Pakatha mphindi khumi uibwerezenso mawu omwewo osasintha. Pakathanso khumi kachitatu. Osawauza kuti ukutani. Kachitatuko muholo mukhala zii kapena wina akuwa kuti mwanena kale, ndiye pamenepo uwafunse kuti chasintha nchani poti mawu ndi omwe aja

Madamu: Mwaswera bwanji ana anga. Ndikutsatira. Njira imeneyo ndi yabwino Mphatso, ngakhale mkalasi imagwira. Koma Tadala usankhe nthabwala yosanyoza mtundu wa anthu kapena chipembedzo, kilabu yathu ili ndi anthu osiyanasiyana

Tadala: Zikomo Madamu, ndizakutumizirani kaye muione

Mphatso: Chachiwiri ndi chimene anthu ambiri sachiganizira, ndipo ndi masamu chabe. Mimu imafuna anthu amene SANAIONE. Tiyerekeze sukulu ili ndi ana 1000, ndipo aliyense akaiona amaonetsa anzake atatu. Gawo loyamba munthu mmodzi, kenako 3, kenako 9, 27, 81, 243. Ukaphatikiza onsewa ndi 364. Gawo lotsatira likufuna anthu atsopano 729 koma otsala ndi 636 okha. Ndiye tsiku limene mimu ikuoneka kuti yavuta kwambiri, aliyense akuikamba, ndi tsiku lomwelo imene yatsala pang'ono kusowa kolowera. Ndipo sizidikira kuti onse 1000 athe. Pamene awiri mwa atatu alionse aiona kale, ukaonetsa anzako atatu mmodzi yekha ndiye watsopano, awiriwo akuti yakale iyi. Kudutsa pamenepo aliyense akubweretsa munthu wosakwana mmodzi ndiye ikutsika basi

Upile: Zili ngati moto wa tchire pa phiri nthawi ya chilimwe, ukamayaka kwambiri ndiye udzu ukutha msanga

Mphatso: Ndendende, ndipo Tadala tenga mawu a Upile amenewo, akuposa masamu angawa. Gulupu yathu ili ndi anthu 64. Pofika Lachiwiri usiku aliyense amene anali ndi bandulo anali ataiona ndipo amene amafuna kuilemba anali atalemba. Udzu unatha

Tadala: Izi ndingachite ndi anthu muholo momwemo eti? Ndinong'oneze munthu mmodzi mawu, iye auze atatu, aliyense wamva aimirire, kenako tione gawo limene anthu ayambe kusowa owauza

Mphatso: Pa anthu 40 zitha pa gawo lachinayi, 1, 3, 9, 27 ndi 40 ndendende. Koma uwauze kuti aziloza munthu maso ali chotseka kapena atchule manambala mwachisawawa, apo ayi azingosankha amene akhala pansi ndiye sizionetsa kuwombana kuja koti wauza munthu womva kale, pamene phunziro lagona pamenepo

Che Yusufu: Amwene ndilankhuleko poti ine izi zinandidyera ndalama zenizeni. Mukudziwa ndimagulitsa zovala mu msika. Chaka china kunali mawu ena ake amene anavuta kwambiri, ana asukulu, akabaza, makondakitala a minibasi za ku Chinamwali, aliyense amangonena omwewo. Makasitomala atatu osiyana anandifunsa tsiku limodzi ngati ndili ndi tisheti yolembedwa mawuwo. Ndinati apa pali ndalama. Ndinagula matisheti oyera 60, ndinatumiza ku Limbe kwa wodinda wina, anandiuza masiku anayi koma zinatenga masabata atatu, mwina magetsi mwina inki, nkhani zinali zambiri. Atafika ndinagulitsa 11 okha, enawo mnyamata wina anachita kundiuza maso ndi maso kuti ankolo izi zinapita kale. Otsalawo ndinagulitsa motchipa kwa anthu ochokera ku Jali ndi ku Mayaka tsiku la msika, ena mpaka pano ndimapukutira tebulo. Ndiye funso langa, munthu ungadziwe bwanji kuti ichi chikhalitsa ichi ayi, usanaike ndalama?

Limbani: Pepani ankolo, koma apo wolakwa ndi wodinda uja

Che Yusufu: Poyamba ndimatero nanenso. Koma ndikaganiza bwino ngakhale akanabweretsa pa masiku anayi mwina ndikanagulitsa 30, osati 60. Tsiku limene anthu atatu anandifunsa lija ndi Lachiwiri lake la Mphatso lija

Mphatso: Mwaigwira Che Yusufu. Ndipo onani kuti ku Jali anagulabe, chifukwa kumeneko udzu unali usanapse, zinthu zimafika mochedwerapo kumene mafoni a intaneti ndi ochepa. Funso lanulo palibe amene angayankhe motsimikiza koma pali chizindikiro chimodzi chimene chinayezedwa. Mu 2009 Jonah Berger ndi mnzake Le Mens anayang'ana mayina opatsa ana ku France ndi ku America kwa zaka pafupifupi 100. Anapeza kuti dzina limene latchuka mothamanga limasiyidwanso mothamanga, pamene lokwera pang'onopang'ono limakhalitsa. Anafunsanso makolo oyembekezera, ndipo iwo amapewa mayina okwera mothamangawo poganiza kuti ndi za kanthawi. Ndiye kuthamanga komweko kumauza anthu kuti ichi sichikhalitsa, iwo nkuchisiya, nkusakhalitsadi. Kwa inu ndinganene kuti chinthu chimene sabata yatha kunalibe lero chili paliponse, musadinde 60

Che Yusufu: Pano ndimadinda khumi kaye, zikatha ndiye ndiwonjezere. Phindu limachepa poti wodinda amadula ukamapanga zochepa koma bola

Tadala: Ankolo mungabwere Loweruka muzafotokoze nokha nkhaniyi? Mphindi zisanu zokha, mubwere ndi tisheti imodzi

Che Yusufu: Loweruka ndi tsiku la malonda koma cha mma 3 nditha kusiyira mwana benchi. Ndibwera nayo

Tadala: Achimwene chachitatu chija

Mphatso: Chachitatu ndi chovutirapo kuchikamba poti Madamu ali pompano 🙏 Mimu si nthabwala chabe, imakhalanso ngati chizindikiro choti ife ndi ife, amene tinalipo ku phiri kuja tikumvana. Ikafika kwa anthu amene sanali mkatimo, makolo, aphunzitsi, makampani otsatsa malonda, eni ake aja amaona kuti sikuwasiyanitsanso ndi wina aliyense ndiye amaisiya. Berger yemweyo ndi mnzake wina anayesa pa yunivesite ya Stanford, anagulitsa tizibangili tachikasu kwa ophunzira a hositelo ina, kenako nkugulitsanso kwa a hositelo yoyandikana nayo amene amaonedwa ngati ongokhalira mabuku. Ena mwa oyamba aja anasiya kuvala. Kachibangili sikanasinthe, anasintha ndi amene akuvala

Madamu: Lankhula momasuka mwana wanga. Ndikudziwa kuti Lachitatu lija ndinalemba nanenso, pamene ndimakumbutsa za ndalama ya ulendo kuti ena sanapereke. Ndinaona kuti palibe anayankha kwa nthawi ndithu. Ndiye mukuti ndinaipha ndine?

Limbani: Madamu mwaulemu ndithu, inde 😭 Ine nditaona ndinangomva kuti basi yatha. Sikuti munalakwitsa, munailemba bwinobwino, koma kuyambira pamenepo ndikafuna kuilemba ndimaona ngati ndikuyankhula mu ofesi ya ahedi

Mphatso: Ine ndikukana pang'ono. Madamu analemba Lachitatu cha mma 8 usiku. Koma taonani manambala, Lachiwiri 41, Lachitatu 38, inali itasiya kale kukwera iwo asanalembe. Ndipo si mwangozi, akuluakulu amaimva mochedwa chifukwa chinthu chimayenera chifike paliponse kaye kuti chiwapeze. Ndiye nthawi zambiri amafika pa maliro ife nkumati apha ndi iwo

Limbani: Koma kuchoka 38 kufika 22 ndi kugwa kwakukulu kuposa 41 kufika 38

Mphatso: Zoona, ndipo sindingakutsimikizire kuti popanda iwo ikanakhala 30 kapena 22 yomweyo, gulupu ndi imodzi sitingabwereze sabata ija. Mwina zonse ziwiri zinagwira ntchito

Madamu: Ine sindikudandaula, ndipo Tadala ukhoza kundigwiritsa ntchito ngati chitsanzo, uwafunse anzako avote. Koma ndili ndi funso langa. Nanga Jerusalema? Ija tinavina tonse, anamwino, apolisi, ansembe, ife aphunzitsi tinavina pa bwalo la sukulu. Akuluakulu tinalowamo kwambiri koma sinafe sabata imodzi

Upile: Eeh ija ndiye inakhalitsa, ine ndinaiphunzira ndili ku pulayimale

Mphatso: Funso limenelo ndi limene ndimafuna wina afunse. Nyimbo ija ya Master KG ndi Nomcebo inatuluka kumapeto kwa 2019. Kuvina kunayamba ndi gulu la achinyamata a ku Angola kumayambiriro kwa 2020, aja amavina mbale za chakudya zili mmanja. Pofika Seputembala 2020 Pulezidenti Ramaphosa anachita kupempha anthu a ku South Africa kuti avine pa tsiku lawo la chikhalidwe, pa 24. Kuchoka ku Angola kufika apo ndi miyezi yoposa sikisi chinthu chikadali moyo. Ine ndikuona zifukwa ziwiri. Choyamba sinali nthabwala yodalira kudzidzimutsa, ndipo sinali ya ife tokha, kukoma kwake kunali koti aliyense alowe, makamaka nthawi ya Covid anthu atatopa ndi mantha. Ndiye kulowa kwa akuluakulu sikunachotse kanthu. Chachiwiri inali chikombole osati njerwa

Tadala: Fotokozani apo, chikombole?

Mphatso: Njerwa ndi chinthu chimodzi chouma kale, ukhoza kungopatsira mnzako mmene chilili, monga vidiyo yoseketsa ya munthu wagwa pa njinga. Ukaiona kawiri yatha. Chikombole ndi chimene aliyense amaikamo dothi lake nkutulutsa njerwa yake. Masitepe a Jerusalema ndi omwewo koma ukaona anamwino a chipatala chakwanu akuvina ndi zatsopano kwa iwe ngakhale waona mavidiyo ena 50, chifukwa ukufuna uone anthu amene ukuwadziwa. Chimodzimodzi anyamata onyamula bokosi la maliro akuvina a ku Ghana aja, BBC inawajambula kale mu 2017 koma anadzavuta mu 2020 anthu atayamba kuwalumikiza kumapeto kwa vidiyo iliyonse imene munthu watsala pang'ono kuona ngozi. Vidiyo yakutsogolo imasintha, iwo amangobwera kudzatseka. Koma nazonso zikombole zimatha, Harlem Shake inavuta mu Febuluwale 2013 aliyense akupanga yake, patangotha miyezi yochepa inali itazilala

Limbani: Ndiye ngati nayo inali chikombole inaferanji msanga pamene Jerusalema inakhalitsa? Apa mfundo yanu yaterereka achimwene

Mphatso: Yaterereka pang'ono ndivomere. Ndinganene kuti Harlem Shake inali ndi nthabwala imodzi mkati mwake, munthu mmodzi akuvina yekha kenako mwadzidzidzi onse apenga, ndiye ukaona khumi wadziwa kale. Komanso inakwera mothamanga kwambiri, mwa masiku ochepa. Koma izi ndikufotokoza zitachitika kale, zimene ndi zosavuta. Ukanandifunsa sabata yoyamba kuti iti ikhalitsa sindikudziwa ngati ndikanalondola

Madamu: Tadala zimenezo uzanenenso kwa anzako mmene wanenera Mphatsomu, asazaganize kuti pali fomula

Tadala: Ndalemba. Ndiye "analitu asanu" inali chikombole kapena njerwa? Poti timaika pa zinthu zosiyanasiyana

Upile: Chikombole koma chaching'ono, imangogwira pa chinthu chotayika basi. Tinaika bandulo, ndalama, mpira, chibwenzi, magetsi, kenako zinatha zoika

Mphatso: Ndipo zimaoneka mu mauthenga aja. Lolemba ndi Lachiwiri pafupifupi aliyense amabwera ndi yakeyake. Kuyambira Lachinayi ambiri ndi ongobwereza mawu okhawo opanda chatsopano. Chimenecho ndiye chizindikiro chimene ine ndimadalira kwambiri kuposa kuchuluka, ukaona anthu asiya kupanga zawo akungotumiza zomwe zija ndiye kuti yayamba kuuma ngakhale ikuonekabe paliponse. China ndi pamene wina wayamba kufunsa kuti kodi zimenezi zikutanthauza chani wina nkumufotokozera ndime yonse

Chisomo: Ndiyankheno za chithunzi zija. Inu mukuti inafa Loweruka lija. Kwa inu inafadi. Koma sitika ija inatuluka mugulupu muno, sindikudziwa anaitulutsa ndani ndipo sindikufuna kudziwa. Patapita mwina miyezi iwiri ndili pa depoti ndikudikira minibasi, anyamata awiri amene sindiwadziwa anandiyang'ana wina nkunena kuti aise si uja wa mandasi uyu. Msuweni wanga wa ku Lilongwe ananditumizira sitika yanga yomwe osadziwa poyamba kuti ndine. Masiku oyamba ndimaseka nawo, zinalidi zoseketsa, koma zinafika poti ndikalowa malo ndimayamba ndaona ngati wina akundiyang'ana. Pano zinachepa. Ndiye mawuwo gwiritsani ntchito, manambalawo gwiritsani ntchito, koma nkhope yanga isaonekenso pa khoma chonde, mukaionetsa muidzutsanso kwa ana atsopano amene analowa chaka chino

Tadala: Chisomo pepa kwambiri, sindimadziwa kuti zinafika pamenepo ndipo ine ndinali mmodzi mwa otumiza kwambiri. Chithunzi sindionetsa. Dzina lakonso sinditchula ngati sukufuna

Chisomo: Dzina ambiri akudziwa kale. Mwina ndizayankhule ndekha pang'ono, ndiona mmene ndizamvere tsikulo, osandiika pa pulogalamu

Madamu: Wachita bwino kunena mwana wanga. Amene muli nayobe sitikayo mu mafoni ndikupempha muichotse lero. Chisomo undipeze tikatha zokambirana za Loweruka

Limbani: Ndachotsa. Pepa aise

Mphatso: Nanenso pepa, ndinawerenga manambala a mugulupu nkuiwala kuti kunja kuli udzu wina. Ndipo izi zikukonza zomwe ndinanena, mimu siifa paliponse nthawi imodzi, imatha mu gulu limodzi uku ikuyamba mu lina, ngati matisheti a Che Yusufu ku Jali. Sitetasi imafufutika pakatha maola 24 koma sitika ikasungidwa mu foni ya munthu imakhala mpaka atachotsa yekha. WhatsApp inaika malire mu 2020 kuti uthenga wolembedwa `Forwarded many times` uzitumizidwa ku malo amodzi pa nthawi, koma sitika yosungidwa munthu amangoitumiza ngati yake

Upile: Ndiye vidiyo yanga ya 212 ija, kapena ndinavina chalenji itapita kale? Ndinachedwa masabata awiri poti ndimadikira diresi kwa atelala

Limbani: Ndi zomwezo, pamenepo makina anali atasiya kale kukankha nyimbo imeneyo

Mphatso: Zikhoza kutheka koma mavidiyo ambiri satirenda ngakhale utaponya tsiku loyamba, ndiye sitingadziwe. Tanditumizira ndione tsiku limene unaponya

Tadala: Ndiye dongosolo langa lili chonchi, ndiyamba ndi nthabwala yobwereza ija, kenako masewera oimirira, manambala a sabata ija ndijambula pa bolodi ndi choko poti pulojekita sitingaidalire, Che Yusufu cha mma 3, kenako funso la Madamu la Jerusalema ndiwasiyira akangane okha. Za Twitter ndi za mayina a ana mwina nditchula chimodzi chokha nthawi ingachepe. Achimwene munditumizire manambala aja pa inibokisi ndisalakwitse

Che Yusufu: Tisheti ndapeza ziwiri, imodzi ndi yoyera bwino. Holo yake ndi yomwe ija ya kufupi ndi mjigo?

Tadala: Yomweyo ankolo, mukafika pa geti mundiimbire